Magasi ndi ofanana mbali zonse, nanga riyakishoni ilowera kuti?

Funso: Ndimaphunzitsa kemisitiri pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mangochi. Ndinapatsa ophunzira anga funso ili: mu silinda yotsekedwa ya 2.0 dm³ muli 0.30 mol ya N₂O₄ ndi 0.30 mol ya NO₂ pa 100 °C, ndipo pa N₂O₄(g) ⇌ 2NO₂(g) Kc ndi 0.21. Msakanizowu usunthira mbali iti? Ena anati susuntha poti magasiwo ndi ofanana, ambiri anati ubwerera kumanzere, awiri okha ndiwo anati upita kumanja. Walondola ndani, ndipo Q ndiwafotokozere motani kuti asamangolota yankho?

Yankho: Aphunzitsi, ana awiriwo ndiwo alondola. Msakanizowu upita kumanja: N₂O₄ wina asweka, NO₂ awonjezereka. Funsoli munalisankha bwino, chifukwa njira zitatu zolakwika zomwe ophunzira amakonda kutsata zonse zikupereka yankho lolakwika pamenepa, kotero mutha kudziwa pomwe mwana aliyense waterereka pongoyang'ana nambala yomwe wapeza.

Q, yomwe dzina lake lonse ndi kwoshenti ya riyakishoni, imalembedwa chimodzimodzi ndi K. Zomwe zili kumanja kwa ikweshoni zimakhala pamwamba, zakumanzere pansi, ndipo nambala yomwe ili kutsogolo kwa fomula iliyonse imasanduka pawa. Kusiyana kwake kuli pa manambala omwe mumalowetsamo. Mu K mumalowa makonsentireshoni a msakanizo womwe wafika kale pa ekwilibiriyamu, ndipo kutentha kukapanda kusintha, K sisintha. Mu Q mumalowa zomwe zili mu silindamo panopa, kaya mwangosakaniza kumene kapena riyakishoni ili pakati pa ulendo. Choncho Q imasintha nthawi ndi nthawi, ndipo imasiya kusintha ikafanana ndi K.

Choyamba ndi kusandutsa mamolo kukhala konsentireshoni. Gasi aliyense ali ndi 0.30 mol mu 2.0 dm³, ndiye kuti aliyense ndi 0.15 mol/dm³. Kenako:

```
Q = [NO₂]² / [N₂O₄]
Q = 0.15² / 0.15 = 0.0225 / 0.15 = 0.15
```

Q ndi 0.15, K ndi 0.21. Q yachepa. Kuti ikwere kufika pa 0.21, chapamwamba chiyenera kukula ndipo chapansi chichepe, ndiko kuti NO₂ achuluke, N₂O₄ achepe. Kumeneko ndiko kupita kumanja. Q ikanaposa K zinthu zikanayenda mobwerera. Ine sindikonda kuti ana aloweze lamuloli pamtima ngati nyimbo, chifukwa m'chipinda cha mayeso amalitembenuza. Ndi bwino kuti nthawi iliyonse mwana aziyang'ana fulakishoniyo n'kudzifunsa kuti, kodi iyenera kukula kapena kuchepa, ndipo ndi gasi uti yemwe akachuluka aikulitsa?

Gulu lalikulu lomwe linati kumanzere, mukaona makope awo mupeza mitundu itatu. Ena analowetsa mamolo mu fomula osagawa ndi voliyumu: 0.30 kuchulukitsa ndi 0.30, kugawa ndi 0.30, n'kupeza 0.30. Nambalayi ikuposa 0.21, ndiye anati kumanzere. Ena anagawa bwino ndi voliyumu koma anaiwala sikweya ya NO₂, n'kupeza 1. Palinso ena omwe amachulukitsa konsentireshoni ndi 2 m'malo moikweza pa pawa 2, ndipo awa amapeza 2. Mukaona 0.30, 1 kapena 2 pa pepala la mwana, mwadziwa kale matenda ake.

Vuto la mamololi lili ndi muzu wake. Mabuku ambiri amayamba ndi chitsanzo cha H₂ + I₂ ⇌ 2HI, momwe kumanzere kuli mamolo awiri a gasi, kumanjanso awiri. Pamenepo voliyumu yapamwamba ndi yapansi zimafafanizana, ndipo mwana yemwe sanagawe ndi voliyumu amapezabe yankho lolondola. Amachokapo ndi chizolowezi choipa osadziwa. Pa riyakishoni yanuyi molo imodzi ikubala mamolo awiri, choncho pamwamba voliyumu ikulowa kawiri, pansi kamodzi, ndipo imodzi imatsala. Mukailemba ndi mamolo, Q ndi 0.30 kugawa ndi voliyumu ya silinda.

Kafomula kameneka kali ndi phunziro lonse. Mu silinda ya 2.0 dm³, Q ndi 0.15 ndipo msakanizo upita kumanja. Tengani magasi omwewo, mamolo omwewo, kutentha komweko, muwaike mu silinda ya 1.0 dm³. Tsopano Q ndi 0.30, yaposa K, ndipo msakanizo ubwerera kumanzere. Pakati pa ziwirizi pali voliyumu imodzi yokha pomwe msakanizowu sungasunthe konse, pomwe 0.30 kugawa ndi voliyumuyo ikupereka 0.21, ndipo ndi pafupifupi 1.43 dm³. Ndiye mamolo pa okha sangakuuzeni mbali. Mukawapatsa anawo mafunso atatuwa motsatizana, osasintha china chilichonse kupatula kukula kwa silinda, ambiri amagwira mfundoyi msanga kuposa momwe angaigwirire mutafotokoza ola lathunthu.

Aja anati msakanizo susuntha poti magasi ndi ofanana ali ndi maganizo ovuta kuwazula. Akuganiza kuti ekwilibiriyamu ndi sikelo yomwe mbale zake ziwiri ziyenera kulemera mofanana. Zomwe zimafanana pa ekwilibiriyamu si kuchuluka kwa zinthu ayi, koma liwiro la riyakishoni yopita kutsogolo ndi la yobwerera. Pa mlatho wa Mangochi madzi a mu Shire amatsetserekera ku Malombe chifukwa pamwamba pa madzi a m'nyanja ya Malawi ndi pokwera pang'ono kuposa pa Malombe, osati chifukwa nyanjayo ili ndi madzi ambiri. Tsiku lomwe misinkhu iwiriyo ingafanane, mtsinje ungaime, ngakhale nyanja imodzi ikhalebe yaikulu kwambiri kuposa inzake.

Liwiroli mutha kuliwerengera ndithu pa riyakishoni imeneyi, chifukwa ndi yosavuta. Molekyulu ya N₂O₄ imasweka yokha pomwe maatomu awiri a nayitirojeni agwirana, choncho liwiro lopita kutsogolo limayendera [N₂O₄]. Kuti ibwerere, mamolekyulu awiri a NO₂ ayenera kukumana, choncho liwiro lobwerera limayendera [NO₂]². Mukagawa liwiro lakutsogolo ndi lobwerera mumapeza K kugawa ndi Q. Pa funso lanu ndi 0.21 kugawa ndi 0.15, yomwe ndi 1.4. Tanthauzo lake n'lakuti pa chiyambi penipeni, nthawi yomwe mamolekyulu 10 a N₂O₄ akupangidwa, 14 akusweka. Riyakishoni zonse ziwiri zikuchitika, koma imodzi ikupambana. Pamene NO₂ akuchuluka, yobwerera ikufulumira, yakutsogolo ikucheperako mphamvu, mpaka zonse zikumana. Musawauze ana kuti mapawa a mu liwiro nthawi zonse amafanana ndi manambala a mu ikweshoni, chifukwa pa riyakishoni zodutsa m'masitepe angapo sizikhala choncho. Kuyerekeza Q ndi K kumagwirabe ntchito ngakhale pamenepo, koma chifukwa chake chimachokera ku themodayinamikisi.

Phindu lenileni la Q limaoneka funso likapitirira n'kufuna makonsentireshoni a pa ekwilibiriyamu. Popeza tadziwa kale mbali, tikudziwa poika chizindikiro chochotsera ndi chowonjezera. N₂O₄ achepa ndi x, NO₂ achuluka ndi 2x.

```
(0.15 + 2x)² / (0.15 − x) = 0.21
4x² + 0.81x − 0.009 = 0
x = 0.0106   kapena   x = −0.213
```

Yankho lachiwirilo timalitaya, chifukwa lingapangitse konsentireshoni ya NO₂ kukhala pansi pa ziro, zomwe sizingatheke. Tikatenga x = 0.0106, N₂O₄ akukhala 0.139 mol/dm³ ndipo NO₂ akukhala 0.171 mol/dm³. Anawo azolowere kubwezera manambalawa mu fomula: 0.171 kuchulukitsa ndi 0.171, kugawa ndi 0.139, zikupereka 0.21. Zikapanda kupereka K, penapake palakwika, ndipo nthawi zambiri ndi 2x uja amene walembedwa ngati x. Onaninso kuti msakanizo wasuntha pang'ono chabe. Q inali kale pafupi ndi K, choncho N₂O₄ yemwe wasweka ndi pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse.

Tsopano tengani msakanizo womwe wakhazikikawu, mukankhe pisitoni mpaka voliyumu itsike kuchoka pa 2.0 kufika pa 1.0 dm³, kutentha kukhalebe 100 °C. Pa mphindi yomweyo makonsentireshoni onse awiri awirikiza kawiri: NO₂ wafika 0.342, N₂O₄ wafika pafupifupi 0.279. Chapamwamba, poti chili pa sikweya, chakula kanayi, pomwe chapansi chakula kawiri kokha. Q yachoka pa 0.21 kufika pa 0.42, K ili pomwe inali, ndiye msakanizo ubwerera kumanzere. Mukawerengera monga tachitira muja, ukakhazikika NO₂ ali 0.259 ndipo N₂O₄ ali 0.320 mol/dm³.

Apa pali msampha womwe umagwira ngakhale ophunzira anzeru. N₂O₄ alibe mtundu, NO₂ ndi wabulawuni. Mwana akamva kuti msakanizo wapita kumanzere amalemba kuti gasi wayera kuposa poyamba. Koma taonani manambalawo: NO₂ anali 0.171, anakwera kufika 0.342, kenako n'kutsika kufika 0.259. Mamolo ake achepadi, kuchoka pa 0.342 kufika pa 0.259, koma poti athithikana m'malo ochepa, konsentireshoni yake ikuposabe yoyamba ija, ndipo gasiyo ndi woderapo. Lamulo la Le Chatelier, lomwe linalembedwa mu 1884, limangonena kuti msakanizo umalimbana ndi kusintha komwe mwaubweretsera. Silinena kuti upambana motani. Q ndi K zimakupatsani nambala.

Pa nkhani ya gasi wosalowerera, monga agoni, lamulo lomwelo limasocheretsa ana kwambiri. Mukapopera agoni mu silinda yomwe voliyumu yake sisintha, presha yonse imakwera, ndipo mwana woloweza amati msakanizo uthawira mbali ya mamolo ochepa. Muuzeni awerengere Q. Mamolo a NO₂ ndi a N₂O₄ sanasinthe, voliyumu sinasinthe, ndiye makonsentireshoni ndi omwe aja, Q ikadali yofanana ndi K, palibe chomwe chisunthe. Zikanakhala kuti pisitoni ndi yomasuka ndipo agoniyo waikankha n'kukulitsa voliyumu, Q ikanatsika ndipo msakanizo ukanapita kumanja. Katalisiti nayo sikhudza Q kapena K. Imafulumizitsa mbali zonse ziwiri mofanana.

Kutentha n'kosiyana ndi zonsezi, chifukwa ndi kokhako komwe kumasuntha K. Kusweka kwa N₂O₄ kumamwa kutentha, pafupifupi 57 kJ pa molo iliyonse, choncho K imakula kukatentha, imachepa kukazizira. Pa 25 °C, Kc ya riyakishoniyi ili pafupifupi 0.005 chabe. Msakanizo wa mu funso lanu, wokhala ndi Q ya 0.15 yomwe ija, pa 25 °C ungaposere K pafupifupi ka 30, ndipo ungathamangire kumanzere. N'chifukwa chake K yopanda kutentha kolembedwa pambali pake ndi nambala yopanda ntchito. Izi muzizikumbukira mu labotale yanu. Manambala a m'mabuku ambiri ndi a 25 °C, pomwe masana a mu Okutobala ku Mangochi chipinda cha malata chimaposa 30 °C mosavuta, ndiye zotsatira zanu zikasiyana pang'ono ndi za m'buku, yambani mwayang'ana themometa musanadzudzule ana.

Q ndi K ziyeneranso kukhala za mtundu umodzi komanso za ikweshoni imodzi. Funso likapereka Kp, Q iwerengeredwe ndi presha ya gasi aliyense, osati konsentireshoni. Pa 100 °C, Kc ya 0.21 ikufanana ndi Kp ya pafupifupi 6.4 atm. Gasi aliyense mu silinda yanu ali ndi presha ya pafupifupi 4.6 atm, choncho Qp ndi 4.6, yocheperanso kwa 6.4, mbali yomweyo ya kumanja. Onse awiri pamodzi akuposa 9 atm, ndiye silinda ya mu funsoli ndi yachitsulo, si botolo la galasi. Munthu akatembenuza ikweshoni n'kulemba 2NO₂ ⇌ N₂O₄, K imasanduka 1 kugawa ndi 0.21, pafupifupi 4.8, ndipo Q imasanduka 6.7. Tsopano Q yaposa K, yankho ndi kumanzere, koma kumanzere kwa ikweshoni imeneyi kuli NO₂ yemwe uja. Silinda sidziwa momwe mwalembera pa bolodi. Pofuna kupewa mkangano pochonga, auzeni ana azilemba dzina la gasi yemwe achuluke, osangoti kumanja kapena kumanzere.

Zinthu zolimba ndi zamadzimadzi zosasakanizika ndi china sizilowa mu Q. Pa kuwotcha miyala ya laimu, monga amachitira ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka, CaCO₃(s) ⇌ CaO(s) + CO₂(g), Q ndi presha ya CO₂ yokha. Kuwonjezera miyala m'ng'anjo sikusintha Q ngakhale pang'ono. K imafika 1 atm pafupifupi pa 900 °C, ndipo mpweya wodutsa m'ng'anjo ukamachotsa CO₂, Q imakhala pansi pa K nthawi zonse mpaka mwala wonse utapsa. Ng'anjo yotsamwa imatulutsa mibulu yomwe mkati mwake ikadali yaiwisi.

Chomwe Q singakuuzeni ndi nthawi. N₂O₄ ndi NO₂ zimafika pa ekwilibiriyamu m'kuphethira kwa diso, koma si zonse zili choncho. Nayitirojeni ndi hayidirojeni mukazisakaniza pa 25 °C popanda amoniya, Q ndi ziro, K ndi yaikulu zedi, komabe mutha kudikira zaka osaona amoniya. Mbali yalondola, koma liwiro palibe. N'chifukwa chake mafakitale opanga amoniya wa feteleza amagwiritsa ntchito katalisiti ya chitsulo ndi kutentha kwa pafupifupi 450 °C, ngakhale kutenthako kumachepetsa K.

Musayese kupanga NO₂ m'kalasi mopanda kabati yokoka utsi. Ndi poizoni, amawononga mapapo, ndipo zizindikiro zake zimatha kuonekera patapita maola angapo. Kuti ana aone Q ndi maso, gwiritsani ntchito Fe³⁺ + SCN⁻ ⇌ FeSCN²⁺, momwe chakumanjacho ndi chofiira ngati magazi. Thirani 1 cm³ ya FeCl₃ wa 0.1 mol/dm³ ndi 1 cm³ ya KSCN wa 0.1 mol/dm³ mu 100 cm³ ya madzi otchezedwa omwe mwadontheza madontho ochepa a HNO₃ wosungunula kwambiri. Mtundu ukhale wofiirira mopepuka, woti muzitha kuona kuseri. Ukada kwambiri palibe yemwe aone kusintha. Asidi wamphamvu wosasungunula asakhudzane ndi KSCN, chifukwa amatulutsa mpweya wapoizoni.

Gawani msakanizowo m'machubu. Mu chubu choyamba donthezani FeCl₃ wowonjezera. Chapansi cha fulakishoni chakula, Q yagwa pansi pa K, ndipo kufiira kuwonjezereka. Funsani ana alosere kaye musanadontheze. Kuyesa komwe kumaphunzitsa kwambiri ndi kothira madzi, chifukwa ndi nkhani ya voliyumu yomwe ija. Tengani masilinda awiri oyezera ofanana kukula kwa pakamwa, muike 20 cm³ ya msakanizo m'iliyonse, ndipo imodzi muwonjezere 20 cm³ ya madzi. Makonsentireshoni onse atatu atsika ndi theka.

```
Q = [FeSCN²⁺] / ([Fe³⁺][SCN⁻])
Q = (1/2) / (1/2 × 1/2) × K = 2K
```

Q yaposa K, choncho FeSCN²⁺ wina asweka. Mukayang'ana cham'mbali, mwana wochenjera adzati mtundu wapepuka chifukwa choti mwathira madzi basi, ndipo adzakhala ndi mfundo. Ikani masilinda onse awiri pa pepala loyera, anawo ayang'ane kuchokera pamwamba, molunjika pansi. Mu silinda yothiridwa madzi konsentireshoni ndi theka koma kuya kwa madzi n'kowirikiza kawiri, ndiye pakanapanda kusuntha kulikonse, kuchokera pamwamba mitundu iwiriyo ikanaoneka yofanana. Yothiridwa madziyo imaoneka yopepuka, ndipo kusiyana kumeneko ndi FeSCN²⁺ yemwe wasweka.

Chomwe chimawononga kuyesaku kawirikawiri ndi madzi. A pa mjigo kapena a m'nyanja amakhala ndi mchere wa bayikaboneti womwe umachepetsa asidi, ndipo Fe³⁺ amagwa ngati matope abulawuni a Fe(OH)₃. Zikatero kufiira kumathadi, koma pa chifukwa china, chakuti Fe³⁺ wachotsedwa mu msakanizo. Mudzadziwa poona madziwo achita chikasu komanso mbuu m'malo mokhala oyera bwino. Madzi othira mu silinda yachiwiri ija akhale ochokera m'botolo lomwelo la madzi otchezedwa okhala ndi madontho a asidi, ndipo masilinda onse awiri akhale pa tebulo limodzi kutali ndi windo lolowa dzuwa, chifukwa riyakishoni imeneyi imatulutsa kutentha ndipo silinda yomwe yafunda imapepuka mtundu payokha.